Makina osokera a achemwali, ndi ndemanga imene inanditengera milungu iwiri

Bokosilo linafika Lachinayi masana ine ndili mtulo, poti usiku wake ndinachezera kuntchito. Ndimasamalira okalamba kuno ku Leeds, ndipo amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa mmene mutu umakhalira akakudzutsa cha m'ma 1 koloko masana. Nditalinyamula bokosilo pakhomo ndinamva chinthu cholemera chikugubuduka mkati, mtima unangoti myuu. Makina osokera achitsulo akapakidwa bwino sagubuduka.

Makinawo anali a achemwali anga, amene ndi telala ku Ndirande. Anandipempha kalekale kuti ndiwapezere opukusa ndi dzanja, oti magetsi akazima ntchito isamaime. Ndinawapeza pa eBay, msika wa pa intaneti, Singer 15K yakuda ija ya maluwa agolide, yopangidwa ku Clydebank ku Scotland, pafakitale imene inatsekedwa mu 1980. Mtengo unali mapaundi 65, kuphatikizapo 15 otumizira. Wogulitsa sanali sitolo, anali munthu wamba. Pamalo ofotokoza mmene katundu alili anasankha Used, ndipo m'munsi analemba yekha kuti "fully working", kutanthauza kuti chilichonse chikugwira ntchito. Analonjeza kutumiza pasanathe masiku atatu. Anatumiza patatha masiku 9.

Nditatsegula ndinapeza kuti makinawo anangowaika m'bokosi ndi manyuzipepala ochepa ndi thaulo limodzi. Chitsulo cholemera choncho chinali chikumenya matabwa ake omwe ulendo wonse, moti thabwa la pansi linang'aluka pakona, chivundikiro nacho chinathyoka pamene pamakhala loko. Ndinapukusa chogwirira, singano ikukwera ndi kutsika bwinobwino. Koma nditatsegula kachitseko ka pansi pa singano, munali mbee. Kachikho kachitsulo kolowetsamo bobini, kamene achemwali amangoti bobini kesi, kanalibemo. Popanda kameneko ulusi wa pansi sugwira, ndiye kuti makina sasoka ngakhale kamzere kamodzi.

Nthawi yomweyo ndinatenga foni n'kupita pa Leave feedback, pamene wogula amalemba ndemanga za wogulitsa. Pamenepo pali mabatani atatu, Positive, Neutral ndi Negative: kuyamikira, pakatikati, ndi kudandaula. Chala changa chinali kale pa lachitatulo. Mawu ndinali nditawakonza m'mutu, ndipo ena mwa iwo sindingawalembe pano.

Chimene chinandiletsa si mtima wabwino. Ndinakumbukira kuti pa eBay ndemanga ukaitumiza sungaisinthe wekha. Ungathe kungowonjezera mawu ena pansi pake, kapena kudikira kuti wogulitsa apemphe kudzera ku eBay komweko kuti uikonze. Ndinakumbukiranso kuti nthawi ndinali nayo yambiri, chifukwa amapereka masiku 60 oti munthu alembe ndemanga, pomwe odandaula kuti ndalama zibwezedwe ndi 30 okha. Chofulumira chinali dandaulo, osati ndemanga. Komanso, kunena zoona, ndinaganiza kuti munthu amene ndam'menya kale ndi Negative sangakhalenso ndi chifukwa chondiyankha mwaulemu. Ndinazimitsa foni n'kukagonanso.

Madzulo ndinajambula zithunzi: bokosi kunja, manyuzipepala aja, mng'alu wa thabwa, ndi malo opanda kanthu pansi pa singano. Ndinabwerera kuzithunzi za wogulitsa kukaona ngati kachikhoko kanalipo. Pa zithunzi zisanu ndi chimodzi panalibe ndi chimodzi chomwe choonetsa pansipo. Apa ndinayamba kuona mbali yanga, chifukwa ndikanatha kufunsa ndisanagule, ndipo sindinafunse. Ndinakopeka ndi maluwa agolide aja. Komabe mawu akuti Used pa eBay ali ndi tanthauzo lake: chinthu chikhoza kukhala chokalikakalika, koma chiyenera kugwira ntchito imene anachipangira. Chinthu chosagwira ntchito chili ndi malo akeake, For parts or not working. Ndiye wogulitsa analonjezadi chinthu chimene sanandipatse.

Ndinam'lembera uthenga pa eBay pomwepo, osati kwina, kuti zonse zikhale poonekera nkhani ikadzakula. Ndinafotokoza zinthu zitatuzo, kuchedwa, kusweka ndi kachikho kosowa, n'kuika zithunzi. Za ndemanga sindinatchule n'komwe. Izi ndinachita dala. Kuuza wogulitsa kuti "mukapanda kundibwezera ndalama ndikulemberani zoipa" ndi koletsedwa pa eBay, amakuona ngati kuopseza, ndipo wogulitsa akaonetsa uthenga woterowo ndemanga yako ikhoza kuchotsedwa ngakhale zonse zimene unalemba zili zoona.

Wogulitsayo, amene anali mayi, anayankha mmawa wake. Anati makinawo anali a mayi ake amene anamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo akuchotsa katundu m'nyumba. Iye sanasokepo chibadwire. Anapukusa chogwirira, anaona singano ikuyenda, basi anaganiza kuti ndiye kugwira ntchito kumeneko. Anafufuza m'kachitini ka mabatani n'kupeza mabobini anayi, koma kachikhoko sanakapeze, ndipo sankadziwa n'komwe kuti pamafunika kanthu kotero. Anapepesa, n'kundipatsa zosankha ziwiri: ndibweze makinawo iye alipire zotumizira n'kundibwezera ndalama zonse, kapena ndiwasunge andibwezere mapaundi 20. Za kuchedwa anangoti anali wotanganidwa.

Kubweza sikukanatheka. Anyamata amene amatitumizira katundu kumudzi pa kontena anali atanena kuti zonse zikhale zitafika kwa iwo Loweruka la sabata yotsatira, apo ayi ndidikire ulendo wina miyezi ingapo. Ndinaimbira achemwali pa WhatsApp n'kuwaonetsa makinawo.

"Tapukusa ndimve," anatero. Ndinapukusa, iwo anatchera khutu. "Aa, makina ali bwinobwino amenewo. Bobini kesi yake ndi yomweyi ya makina athu akunowa, ku Limbe ndikaipeza. Thabwalo akalipentala apa pamsika andikonzera. Iwe tumiza basi."

"Nanga munthuyu ndimulembere chiyani, achemwali? Ananena kuti akugwira ntchito."

"Umulembere chiyaninso? Munthu wofedwa ameneyo. Wapepesa, wabweza ndalama. Zisiye, usamuwonongere."

Bambo a kunyumba kwathu anali nazo zina. Iwo anati wofedwa kapena ayi, munthu walemba bodza pa malonda, ndipo Azungu omwewa ukawalakwitsa sakunyengerera. "Mayi a mwana, mukangokhala chete, mawa agulitsanso china chosweka kwa wina. Dinani chofiiracho, Negative." Ndinavomera mapaundi 20 aja, ndinaguliratu kachikho pa mapaundi ochepa kuti ndiyese makinawo asanapite, ndipo nkhani ya ndalama inathera pomwepo. Ya ndemanga ndiye inatsala.

Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kukaona kuti Negative yanga ikanalemera bwanji. Pafupi ndi dzina la wogulitsa aliyense pamakhala peresenti, ndipo eBay imaiwerengera pa miyezi 12 yapitayi: ndemanga zoyamikira, kugawa ndi zoyamikira kuphatikiza zodandaula. Mayiyu anali ndi zoyamikira 12 chaka chimenecho, wopanda dandaulo, ndiye anali pa 100%. Yanga ikanam'fikitsa pa 12 mwa 13, imene ndi 92.3%. Kwa munthu wosazolowera, 92 ikumveka ngati mwana wakhoza bwino mayeso. Koma pa eBay ogula ambiri, ine ndemwe, tikaona nambala yoteroyo timadutsa osawerenga n'komwe chimene chinachitika. Sitolo yaikulu yokhala ndi ndemanga 5,000 pa chaka Negative imodzi siyiimva, peresenti yake sisuntha. Batani ndi lomwelo, koma kwa wina ndi kutsina, kwa wina ndi chibonga. Neutral ilibe gawo m'masamu amenewa. Imaonekera pa mndandanda, aliyense akhoza kuiwerenga, koma peresenti imakhala pomwe inali.

Poyamba ndinaganiza kuti masamuwa andithetsera nkhani, koma ayi. Kukula kwa chilango sikukuuza ngati munthu akuyenera chilangocho. Akanakhala kuti anandinamiza dala, 92.3% ikanakhala yomuyenera, ndipo sindikanataya tulo. Choncho ndinabwerera kuzinthu zitatu zija kuti ndione chilichonse ndi cha ndani, poti mkwiyo unali utazimanga mtolo umodzi.

Kusweka kwa thabwa kukanatha kukhala kwa onyamula maphukusi, ndipo anthu ambiri amalakwitsa apa, kumulanga wogulitsa chifukwa dalaivala anaponya bokosi. Koma kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Bokosi lopakidwa bwino likaphwanyidwa panjira, kuwonongeka kumayambira kunja kulowa mkati, ndipo mkatimo umapeza zotchingira zokwanira. Langa kunja linali losabooka, kuwonongeka kunachokera mkati, makina akumenya chivundikiro chake. Kumeneko ndi kupaka koipa, ndipo ndi kwa wogulitsa. Kuchedwa nakonso kunali kwake, chifukwa nambala yolondolera phukusi inaonetsa tsiku limene analipereka, ndipo onyamulawo anangotenga masiku awiri. Chimene chinandipweteka pa kuchedwako si masiku 9, koma kuti sanandiuze kanthu. Za kachikho zinali za tonse awiri: iye analemba chimene sanachiyese, ine sindinafunse chimene sindinachione pachithunzi.

Ndiye panali zolakwa zenizeni, za iye mwini. Koma panalinso china chimene kwa ine chimalemera kuposa zolakwazo, ndicho zimene munthu amachita ukamuuza. Aliyense wogulitsa zinthu adzalakwitsa tsiku lina. Chimene wogula wotsatira akufuna kudziwa n'chakuti, zikavuta, munthu uyu amayankha kapena amabisala? Amakana, amatukwana, amakuzengereza mpaka masiku 30 athe? Mayiyu anayankha pasanathe tsiku, sanandinene kuti ndaswa ndekha, anapereka yekha njira yobwezera, ndipo sanapemphe kanthu posinthana ndi ndalamazo. Negative imauza anthu kuti "thawani munthu uyu". Ndinadzifunsa ngati mnzanga wakuntchito atandifunsa ndingamuuze kuti athawe. Yankho linali lakuti ayi, ndingamuuze kuti agule koma afunse mafunso, ndipo chinthu cholemera akachitenge yekha.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi mawu a achemwali, akuti zisiye. Ife tinaleredwa choncho. Munthu akapepesa nkhani yatha, ndipo kumuyalutsa pagulu pambuyo pake kumaoneka nkhanza. Kumudzi zimenezi zimayenda chifukwa mbiri ya munthu imafala yokha. Telala akakuonongera nsalu sulemba paliponse, koma pofika Lamlungu amayi onse a kumpingo akudziwa. Pa intaneti palibe pachitsime pokumanirana. Wogula wotsatira ali ku Glasgow kapena ku Cardiff, sadzandiona, ndipo chimene angaone ndi 100% ija basi. Inenso ndinagula chifukwa cha 100% yomweyo. Ndinayamba kudzifunsa ngati mwa anthu amene anagulapo kwa mayiyu panalibe wina amene analandira mbale zosweka n'kungoti zisiye. Kukhala chete sikuoneka pa mndandanda, ndiye wowerenga amakutenga ngati zonse zinayenda bwino.

Pali nthawi imene kukhala chete ndi koyenera, ndipo ndakhalapo chete. Ndinagulapo nsapato za mwana zimene zinam'thina, koma saizi inali yomweyo imene inalembedwa, ine ndi amene sindinamuyeze phazi. Ndinagulapo diresi limene mtundu wake sunandisangalatse nditalivala, chonsecho linali ndendende ndi chithunzi. Kukhumudwa kunalipo, koma wogulitsa analibe mlandu, ndipo ndinalibe chilichonse chothandiza wogula wina. Kulemba Positive ndili wokhumudwa sindinafune, kulemba Neutral kukanakhala kum'paka munthu matope anga. Ndinangozisiya. Koma pa makinawa ndinali ndi zinthu ziwiri zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanalipire.

Ndipo Negative ndinaiperekapo, mosazengereza. Inali ya sitolo ina yogulitsa matchaja a foni, imene inalemba kuti ndi enieni a kampani yopanga foniyo. Tchajayo inkatentha moti sungaigwire, zilembo zake zikufufutika ndi chala. Nditadandaula anayamba andiuza kuti vuto ndi foni yanga, kenako anati andibwezera ndalama ndikayamba ndalemba Positive. Pamenepo panali kunama kwadala, chinthu choti chikhoza kuyatsa nyumba, ndiponso kugula ndemanga. Ndalama ndinazipeza kudzera mu dandaulo la eBay, ndipo Negative ndinalemba ndi chithunzi chomwe. Nditaika nkhani ziwirizi pamodzi ndinaona kuti kuwapatsa chizindikiro chofanana mayi uja ndi sitolo ija kukanakhala kunama kwa mtundu wina.

Positive nayo inandiyesa. Anthu ambiri amadina yobiriwirayo kenako n'kulemba madandaulo m'munsi, poganiza kuti akomera mbali zonse. Vuto lake n'lakuti palibe amene amawerenga ndemanga zoyamikira, zimachuluka. Munthu wochenjera amapita molunjika pa Neutral ndi Negative, chifukwa n'zochepa ndipo ndi kumene kuli nkhani. Chenjezo lobisidwa mu Positive lili ngati kalata yoikidwa pansi pa mphasa. Izi zikutanthauzanso kuti Neutral si yopanda mano monga anthu amaganizira. Ogulitsa saikonda, ndipo kwa munthu wa ndemanga zochepa imakhala poyera kwa nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti mayiyo sakondwa nayo.

Ndinadikira mpaka kachikho kaja katafika, chifukwa sindinafune kulemba ndisanadziwe ngati makinawo ali ndi vuto lina. Ndinathira mafuta, ndinalowetsa bobini, ndinasoka pa kansalu ka pilo yakale. Mzere unatuluka wowongoka pamwamba ndi pansi pomwe. Akanakhala kuti akudumpha kapena kudula ulusi, ndemanga ikanasintha, ndiye kudikirako kunali ndi phindu.

Kulemba kwenikweniko kunanditengera nthawi kuposa mmene ndinkaganizira. Koyamba ndinayamba ndi mawu akuti ndakhumudwa kwambiri, kenako ndinawafufuta, poti kukhumudwa kwanga sikuthandiza munthu kusankha. Ndinachotsanso mawu akuti ananama, chifukwa sindingatsimikize zimene zinali mumtima mwake. Chimene ndingatsimikize ndi chimene analemba ndi chimene chinafika. Za maliro a mayi ake sindinaikemo, anandiuza ine, osati dziko lonse. Zimene zinatsala, ndinazilemba m'Chingerezi koma tanthauzo lake ndi ili: makina analembedwa kuti akugwira ntchito koma anafika opanda bobini kesi, ndipo wogulitsa sanawayese posoka, anatumizidwa patatha masiku 9 m'malo mwa atatu, sanapakidwe mokwanira ndipo thabwa linasweka, wogulitsa anayankha tsiku lotsatira, anapepesa, anapereka mwayi wobweza ndipo anabweza mapaundi 20, nditaika kachikho makina akusoka bwino. Mbali yomalizayi bambo a kunyumba ankati ndichotse, akuti ndikum'tsatsira malonda. Ndinaisiya, chifukwa ndi yoona mofanana ndi zinazo.

Pansi pake pamakhala nyenyezi za mbali zinayi: kulondola kwa kufotokoza, kulankhulana, kufulumira kutumiza, ndi mtengo wotumizira. Apa ndi pamene munthu ungagawe bwino. Pa kufotokoza ndinapereka ziwiri, pa kufulumira ziwiri, pa kulankhulana zinayi, poti anayankha bwino koma za kuchedwa sanandichenjeze, ndipo pa mtengo wotumizira zisanu, chifukwa mapaundi 15 pa chitsulo cholemera choncho sanandidyere.

Kwa abale amene mumagula kumudzi pa masamba a Facebook, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba katundu n'kubwera pa basi, batani lapakatili kulibe. Tsamba limangofunsa ngati mukuvomereza malowo, inde kapena ayi, ndiye zapakatikatizo muyenera kuzinena ndi mawu. Pa Google pali nyenyezi, ndipo zitatu zimagwira ntchito ya Neutral, kungoti kumeneko zimatsitsa chiwerengero cha sitolo, komanso mungathe kusintha ndemanga yanu nthawi ina iliyonse. Chimene ndimaona kawirikawiri m'magulu athu ndi munthu kuika chithunzi cha wogulitsa ndi nambala yake n'kulemba kuti wakuba, katundu atangochedwa masiku awiri. Mawu amenewo ndi olemera, akhoza kukutengerani kubwalo la milandu, ndipo akafalikira sabwezeka ngakhale katunduyo afike mawa lake.

Patapita masiku atatu mayi uja anayankha pansi pa ndemanga yanga. Analemba mwachidule kuti zimene ndanena n'zoona ndipo akupepesa. Sanandithokoze, ndipo kundilembera ndemanga monga wogula sanandilembere, ngakhale ogulitsa pa eBay chiyambire 2008 amaloledwa kupereka Positive yokha kwa ogula. Ndinamva kuti zam'khudza. Mwezi wotsatira ndinasuzumira pa malonda ake n'kupeza akugulitsa galasi lalikulu la pakhoma, atalemba kuti wogula adzatenge yekha, satumiza. Kaya ndi chifukwa cha ine kaya ayi.

Makinawo anafika ku Blantyre patatha miyezi itatu. Akalipentala anamata thabwalo ndi guluu n'kukhomerera kachitsulo pakona, chivundikiro ndiye achemwali anachisandutsa mosungira zidutswa za nsalu. Nditawauza zimene ndinalemba anangoti, "Iwenso ndiye sumva," kenako anandionetsa mayunifomu asukulu amene anali atasoka sabata imeneyo.